Vidiyo yanga ya Excel akuti ndikumveka ngati ndikulankhulira m'chitsime

Mlembi wa Banki Mkhonde
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeniko abale ine zandikwana. Ndine mlembi wa banki mkhonde yathu, tilipo azimayi 24, ndiye chaka chino tinagwirizana kuti masamu a ngongole tisamachitenso pa kope tiziika mu Excel, chifukwa pogawana Disembala wathayu anthu anatsala pang'ono kugwirana pakhosi, manambala sanagwirizane. Ine Excel ndimaidziwako pang'ono. Amsungichuma ndi wachiwiri wanga anati ndiwajambulire vidiyo ya sikirini ndikufotokoza, kuti azionera pa foni kwinaku akuyeserera pa laputopu ya gulu ikakhala kwawo. Mwana wa achimwene anga anandiikira pulogalamu yojambulira sikirini ya OBS Studio, ndajambula mphindi 14 kuonetsa mmene timawerengera chiwongola dzanja cha 20%. Koma zomwe zatuluka eee. Akuti mawu anga akumveka patali ngati ndili m'chitsime, pansi pake pali chiphokoso cha fuuu osaleka, ndikamataipa makiyi akulira kuposa ine, manambala sakuoneka pa foni, ndiye fayilo yake ndi 280 MB amsungichuma akuti bandulo yawo yonse inathera pomwepo. Choipitsitsa ndi chakuti ataonera yonse anayesa okha, mzere woyamba unatuluka bwino koma ena onse pansi zikungotuluka 0. Ndiyambire pati?

Mnyamata wa pa Kafe
Mayi vuto ndi maiki basi. Ya mu laputopu ndi yachabechabe, gulani ya USB zija amagwiritsa ntchito a mapodikasiti. Ndiye chiphokosocho musadandaule nacho, ikani mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mupange Noise Reduction mukankhe mpaka kumapeto chimachoka chonse mbee. Za manambala osaonekawo jambulani pa 1080p ndi 60 FPS, zithunzi 60 pa sekondi, zizioneka bhobho.

Wa ku Joni
Achemwali kuno ma laiti ozungulira aja oika foni pakati ndi otchipa, wina akamabwera ku mudzi nditha kukupatsirani. Vidiyo imafuna kuwala, nkhope ikamaoneka bwino anthu amamvetsera.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Kkkk zikomo achimwene koma nkhope yanga simo, ndi sikirini ya kompyuta yokha ndi mawu. Laitiyo patsiranibe tizionera magetsi akathima.

Madala a ku Wailesi
Mayi musathamangire kugula kanthu kaye. Ine ntchito yanga kwa zaka zambiri inali yojambula mawu, ndipo zimene mwafotokozazo, chitsime, fuuu ndi makiyi, zonse zitatu gwero lake ndi limodzi, maiki ili kutali ndi pakamwa panu koma ili pafupi ndi zinthu zosokosa. Kamaiki ka laputopu kamakhala pamwamba pa sikirini pafupi ndi kamera kapena m'mbali mwa kiyibodi. Kuchoka pakamwa panu kukafika pamenepo ndi pafupifupi theka la mita, pomwe fani yoziziritsa laputopu ndi makiyi zili m'thupi limodzi ndi maikiyo. Ndiye mawu anu amafika atafooka, osakanikirana ndi amene agunda khoma ndi simenti yapansi n'kubwerera, chitsime chija ndi chimenecho.

Pali kalamulo kamodzi kamene ndimafuna aliyense adziwe. Mukafupikitsa mtunda wa pakati pa kamwa ndi maiki ndi theka, mawu amakwera ndi 6 dB. Kuchoka pa masentimita 50 kufika pa 25 mwapeza 6, kufika pa 12 mwapeza 12, pomwe phokoso la m'nyumba latsala pomwe linali. Palibe pulogalamu imene ingakupatseni zimenezo mwaulere popanda kuwononga mawu. Muli ndi timahedifoni ta foni tachingwe, tokhala ndi kamaiki pachingwe? Tiyambire pamenepo.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Tachingwe ndili nato madala. Ndilinso ndi ta Bluetooth tabwino kuposa pamenepo, si bola timeneto?

Madala a ku Wailesi
Ayi ta Bluetooth tisiyeni. Pomvera nyimbo timamveka bwino, koma mukangoyatsa maiki yake timasinthira ku njira ya kuimbirana foni, mawu amaonda ngati mukulankhula pa lamya. Tengani tachingwe. Yang'anani kachitsulo kolowetsa, kakhale ndi timizere titatu, kutanthauza kuti kamanyamula maiki. Ngati laputopu ili ndi bowo limodzi la mahedifoni lowetsani pomwepo. Ngati ndi yakale ya mabowo awiri, lobiriwira ndi lapinki, mufunika kachingwe kogawa pawiri, kamapezeka kwa ogulitsa zida za mafoni.

Kenako musangokhulupirira kuti OBS yayamba kumvera maiki yatsopanoyo. Ambiri amagwa apa, amavala mahedifoni bwinobwino n'kujambula ola lathunthu koma ikugwira ntchito ndi ya mu laputopu yomwe ija. Pitani ku Settings, kenako Audio, pa Mic/Auxiliary Audio musankhe nokha. Kuti mutsimikize kandani kamaiki ka pachingwe ndi chikhadabo mukuyang'ana kamzere kovina ka mu Audio Mixer, kakalumpha ndiye kuti zatheka. Mukande pa laputopu, kasalumphe kwenikweni. Kamaikiko kasamalendewere pachifuwa kakukhuzana ndi bulauzi, kapanitseni ndi pegi yoyanikira zovala pa kolala, m'mbali pang'ono mwa kamwa osati kutsogolo kwenikweni, apo ayi ma p ndi ma ph athu achichewawa aziphulika. Yesani kunena kuti phala la phwetekere mumve nokha.

Ndiye kamzere kovinako kali ndi mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu kuyambira pa -20, kofiira kuyambira pa -9. Lankhulani mmene mudzalankhulire pophunzitsa, osati kunong'ona, kazifika mu chikasu. Kakamamenya kumapeto pa 0 mawu amasweka ndipo osweka sakonzeka. Desktop Audio ija itsekeni, ndi imene imalowetsa timabelu ta mauthenga.

Mnyamata wa pa Kafe
Koma madala nanga mawu akatsika si kungokweza Microphone Boost mu Windows pa +30 basi? Ine ndimatero pano makasitomala akamapanga ma intaviyu a pa intaneti.

Madala a ku Wailesi
Mphwanga, fuuu amene akudandaula mayiwa nthawi zambiri amachokera kumeneko. Kukweza kumeneko sikusankha, kumakweza mawu pamodzi ndi fani ndi kasiii ka mawaya. Ikani pa +10, mukalephera +20, zotsalazo mupeze poyandikitsa maiki. Za Audacity zija unanena zoona theka. Noise Reduction imagwira ntchito ndithu pa phokoso losasintha ngati la fani, koma umayenera kuipatsa kaye chitsanzo, ndiye poyamba kujambula mukhale chete masekondi 10, musankhe kachigawo kameneko, Get Noise Profile, kenako musankhe zonse n'kuchotsa ndi 6 mpaka 12 dB. Ukakankha mpaka kumapeto phokoso limachokadi koma munthu amatsala akumveka ngati akulankhula m'madzi, ma s onse atadyeka. Ndipo tambala, galu, mwana wolira, njinga yamoto ya kabaza, zimenezo siichotsa chifukwa sizikhala zofanana nthawi yonse.

Kwa mayiwa ine sindingawatumize ku Audacity n'komwe, ndi ntchito ina yochotsa mawu mu vidiyo n'kuwabwezeramo. Mu OBS momwemo dinani timadontho kapena kagiya ka pa Mic/Aux, Filters, muonjezere Noise Suppression musankhe RNNoise. Laputopu ikakhala yofooka n'kuyamba kujejema sankhani Speex. Noise Gate musaike, imadula mawu onse otsika, ndiye anthu amene amatsitsa mawu kumapeto kwa chiganizo imawadyera mathero.

Madamu a Kompyuta
Ine ndimaphunzitsa kompyuta ku sekondale yoyendera, timavidiyo totere ndapangako tambiri ta ana a Fomu 3 chifukwa makompyuta ndi ochepa amalowa mosinthana. Za mawu madala anena, ine ndikufuna ndibwerere ku ma 0 aja chifukwa pamenepo ndi pamene vidiyo yalephera ntchito yake, ngakhale mawu akanamveka ngati a pa wailesi amsungichuma akanapezabe 0. Mayi tandiuzeni fomula imene munalemba, ndipo munanena chiyani pakamwa nthawi imene mumailemba?

Mlembi wa Banki Mkhonde
Madamu, mu A muli maina, mu B ngongole, mu C chiwongola dzanja, mu D zobweza zonse. 20% ija ndinaika payokha mu F1 kuti tikadzasintha tidzasinthe malo amodzi. Mu C2 ndinalemba chonchi

```
=B2*$F$1
```

kenako ndinakokera pansi. Ndabwerera kukamvera, ndinanena kuti "ndiye apa timangopanga chonchi, kenako chonchi, mwaona eti, basi zatheka" kkkk ndadzimvera chisoni.

Madamu a Kompyuta
Kkkk musadandaule tonse tinayambira pa chonchi ndi chonchi. Koma mwaona pomwe pagona nkhani? Madola awiriwo munawaika bwanji, si munadina F4? Kamera ya sikirini siiona zala zanu. Imaonetsa kamuvi ka mausi ndi zimene zasintha, koma kiyi imene mwadina siioneka paliponse. Amsungichuma anangoona F1 yasanduka yokha, pa foni timadolato ndi tating'ono ngati nyerere, iwo analemba

```
=B2*F1
```

Mzere woyamba zinayenda, K50,000 kuchulukitsa ndi 20% inawapatsa K10,000, zobweza K60,000. Atakokera pansi Excel inasuntha zonse ziwiri, mzere wachiwiri unakhala B3 kuchulukitsa ndi F2, ndipo mu F2 mulibe kanthu, ndiye 0. Wotsatira F3, 0 yemweyo mpaka pansi.

Ndiye lamulo langa ndi ili, chilichonse chimene dzanja lachita pa kiyibodi pakamwa panene ndi dzina lake. Ndipo kunena kuzitsogola, dzanja lizibwera pambuyo. Anthu odziwa chinthu timadina kaye kenako n'kumafotokoza zimene zachitika kale, wophunzira maso ake amakhala akusakasaka pomwe pasintha ndiye mawu anu amamudutsa. Ine pamalo amenewo ndinganene motere. "Tsopano tili mu C2, pansi pa mutu wa chiwongola dzanja. Ndilemba chizindikiro cha ikwo. Ndidina B2, muli ngongole ya munthu woyamba. Ndilemba kanyenyezi, kali pa Shift ndi 8. Tsopano ndidina F1 muli 20% yathu. Ndisanapitirire ndidina kiyi ya F4, ili mu mzere wapamwamba wa kiyibodi, yang'anani kuno mmene F1 isinthire." Mukatero mudine, mukhale chete masekondi awiri kapena atatu kamuvi kali pomwepo osagwedeza, kenako "mwaona madola awiri abwera, amenewa ndi misomali, akhomerera F1 kuti tikamakokera pansi isasunthe." Ndipo munene kuti pa malaputopu ena F4 payokha imachita zina monga kutsitsa voliyumu kapena kuwala, pamafunika kugwira Fn pamodzi, kapena angolemba dolayo pamanja ndi Shift ndi 4.

China chimene ndinaphunzira mochedwa, onetsani cholakwikacho dala. Lembani kaye yopanda madola, kokerani pansi, ma 0 atuluke, munene kuti "mukaona izi musaope, mwaiwala misomali," mudine C3 aone F2 ili m'fomulamo, kenako mukonze. Ana anga amakumbukira kwambiri mbali imeneyo kuposa pamene zonse zayenda bwino.

Wongowerenga
Ine ndimangowerenga pano koma apa ndiyankhuleko. Chimene chimanditopetsa m'mavidiyo a anthu ambiri ndi kamuvi kozungulirazungulira ngati ntchentche pa nsomba, munthu akulankhula kwinaku akupukusa mausi, ine maso ndimatsatira kamuviko osamva kanthu. Komanso mawu oti apa ndi apo. Apa pati? Pa foni sikirini yonse ndi apa.

Madamu a Kompyuta
Mwalasa. Ine ndikamafotokoza ndimachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pamwendo. Ndipo mmalo mwa apa nenani malo, pamwamba kumanzere, pansi pa mutu wakuti ngongole, kakona ka kumanja pansi pa kabokosi pomwe kamuvi kamasanduka kamtanda kakuda kowonda. Kokokera pansi kaja ndi kameneko ndipo anthu ambiri amakaphonya amagwira m'mphepete n'kusamutsa fomula yonse.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Ndiye ndilembe zonse zimene ndikanene ndiziwerenga? Ndikuopa ndidzamveka ngati ndikuwerenga chilengezo cha maliro.

Madala a ku Wailesi
Ine ndimati lembani zonse. Ku wailesi ngakhale amene mumaona ngati akungocheza aja amakhala ndi pepala. Chinsinsi ndi kulemba mmene mumalankhulira, ziganizo zazifupi, n'kuwerenga mokweza kawiri musanajambule, pomwe lilime lakodwa musinthe. Mukatero ma eee ndi ma ndiyeno amachepa okha. Mwinanso jambulani sikirini payokha muli chete, mawu mudzaike pambuyo, makiyi samveka n'komwe.

Madamu a Kompyuta
Apa madala tisiyana pang'ono. Njira yoika mawu pambuyo imatulutsa zaukhondo inde koma imafuna pulogalamu yodulira vidiyo ndi nthawi, ndipo ndinayesapo, mawu ndi dzanja zimathamangitsana, umapezeka wamaliza kunena kamuvi kasanafike. Mayiwa akuphunzitsa anzawo awiri amene amadya nawo limodzi, alankhule ngati ali nawo pambali. Ine ndimalemba masitepe okha pa kapepala, mzere umodzi sitepe imodzi, ndi mawu enieni a malo ovuta okha ngati pa F4 paja. Chiganizo choyamba ndi chomaliza ndimalembanso chonse chifukwa ndi pomwe munthu umazungulira. Choyamba chizinena chimene atuluke nacho, monga "mu vidiyo ino tiwerengera chiwongola dzanja cha anthu onse ndi fomula imodzi," kwinaku tebulo lomaliza likuoneka kale kuti adziwe kumene tikupita. Za makiyi, musamataipe mukulankhula basi, nenani, khalani chete, taipani.

Ndipo mphindi 14 zachuluka. Mwaikamo zinthu zingati mmenemo?

Mlembi wa Banki Mkhonde
Kutsegula fayilo, kulemba maina, chiwongola dzanja, kuphatikiza zonse pansi ndi SUM, kusunga, ndi pena pake ndinadzuka kukatsitsa mphika osaimitsa kkkk.

Madamu a Kompyuta
Amenewo ndi mavidiyo anayi ndi mphika umodzi. Iduleni, iliyonse chinthu chimodzi, mphindi zitatu mpaka zisanu. Ubwino wake mukalakwitsa mumangobwereza kakafupiko osafuna kudula chilichonse, ndipo amsungichuma akaiwala za madola adzatsegula ya madola yokha osasakasaka mkati mwa chimvidiyo. Komanso chonde maina. Ngati munajambula fayilo yeniyeni ya gulu ndiye kuti ngongole za anthu zili mu vidiyo imene ingathe kutumizidwa kulikonse. Pangani fayilo yoyeserera, Mayi A, Mayi B, anthu asanu okha, manambala osavuta ngati 50,000 ndi 20,000 oti munthu atha kutsimikiza ndi mutu.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Mayo ine. Ndi yeniyeni. Ndawaimbira kale onse awiri kuti afufute.

Mnyamata wa pa Kafe
Chabwino za mawu ndagonja, koma za manambala osaoneka ndiye ndikuumirira, 1080p.

Madamu a Kompyuta
Achimwene laputopu zambiri zimene tili nazo kuno sikirini yake ndi 1366x768, mukaiuza OBS kuti itulutse 1080p ikungofutukula chithunzi chomwecho, fayilo kukula koma zilembo osawala. Chimene munganene choona ndi chakuti OBS nthawi zina imachepetsa chithunzi potulutsa, ndiye mayi pitani ku Settings, Video, muone kuti Base (Canvas) Resolution ndi Output (Scaled) Resolution zikhale nambala imodzi. FPS ikani 30 kapena kutsika, 60 ndi ya magemu, tebulo la Excel silithamanga. Koma mankhwala enieni ali mu Excel momwemo, gwirani Ctrl n'kupukusa kawilo ka mausi mpaka pafupifupi 170% kapena 200%, pa sikirini patsale makolamu A mpaka F ndi mizere ngati khumi basi. Kamuvi kakulitseninso mu Settings ya Windows, pa Accessibility kapena Ease of Access kutengera Windows yanu. Dziwani kuti kukulitsa kumeneku sikukulitsa kamzere kapamwamba kolembamo fomula, ndiye muziwalozera mu kabokosi momwe mukulembamo, ndi momwe madola azioneka akuluakulu.

Mukajambula masekondi 30 oyamba imitsani, dzitumizireni pa foni yanu, muonere mutaigoneka chammbali, pa sipika ya foni osati mahedifoni. Amsungichuma adzaonera choncho, mwina ali pakhonde ana akusewera.

Mnyamata wa pa Kafe
Pali ka pulogalamu kena ka ZoomIt, ukadina Ctrl ndi 1 kamakokera sikirini pafupi, Ctrl ndi 2 umajambula mizere yofiira. Kangathandize pa kamzere ka fomulako.

Madamu a Kompyuta
Kameneko ndi kabwino ndithu, ndimakagwiritsa ntchito. Kungoti mu Excel Ctrl ndi 1 ndi yotsegulira Format Cells, ndiye kakakhala koyaka kamalanda, tsiku lina ndinasokonezeka pamaso pa ana. Mutha kusintha makiyi ake. Ndipo kuti zimenezo zilowe mu vidiyo, mu Sources muike Display Capture osati Window Capture, inayo nthawi zina imasiya timawindo totulukira pamwamba, iwe ukufotokoza menyu imene oonera sakuiona. Koma Display Capture imatenga chilichonse, ndiye tsekani WhatsApp ya pa kompyuta, uthenga wa apongozi ungatulukire pakona.

Wa ku Joni
Inetu ndimangojambula ndi foni kuloza pa sikirini ya kompyuta, mawu amamveka bwino ndipo palibe za ma setingi zonsezi. Ndinaphunzitsa mlamu wanga kudzaza mafomu choncho.

Madala a ku Wailesi
Mawu amamveka bwino chifukwa foni ili m'manja pafupi ndi kamwa, ndi nkhani yomwe ija ya mtunda. Koma chithunzi chimagwedera ndipo pamabwera timizere tovina, pa mafomu mwina zinatheka, pa timadola ta mu fomula ayi.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Ndabweranso. Ndayesa usiku ana atagona, mahedifoni achingwe, pegi pa kolala, ndinatseka makatani n'kukhala kuchipinda osati pabalaza. Kusiyana kwake ngati usiku ndi usana, chitsime chatha, fuuu watsala pang'ono kwambiri. Koma pabwera china chatsopano, kakulira ka mmmm pansipansi ngati fuliji, sikanalipo kale. Ndiye chachiwiri, ndili mkati mwa kujambula kachitatu magetsi anathima, laputopu inazima pompo chifukwa batire lake linafa kalekale, fayilo ija ilipo koma ikukana kutseguka.

Madala a ku Wailesi
Kuchipinda mwachita bwino, matiresi ndi zovala zimamwa mawu obwerera. Ka mmmm ako ndi ka magetsi, kamalowa kudzera ku chaja, makamaka machaja ogula pamsika ndi masoketi opanda waya wa ethi. Kuyesa kwake n'kosavuta, pa laputopu ya batire lamoyo umazula chaja uku ukumvera, kakasiya wapeza wolakwa. Koma inu mukazula izima, ndiye yesani izi, lowetsani chaja pakhoma mwachindunji osati pa ekisitenshoni yodzaza ndi zinthu, chingwe cha mahedifoni chisadutse pamwamba pa chaja, foni isakhale ikutchajidwa pa laputopu yomweyo, ndipo ngati pali wina wa chaja yofanana mubwereke muone ngati kasintha. Kakakanika, apa ndiye mphwanga wa pa kafe akhoza kupambana, kasaundi kadi ka USB kapena maiki ya USB nthawi zina kamathetsa, koma sindikulonjeza, ndinaonapo kena kakubweretsa kulira kwakekwake.

Fayilo yokana kutsegukayo ndi ya mp4 eti? Mp4 wamba imalemba kalozera wake pomaliza penipeni, ikadukira panjira zonse zapita. Ku Settings, Output, pa Recording Format sankhani mkv, imeneyo magetsi akathima zimene munajambula kufika pamenepo zimatsala. Mukamaliza pitani ku File, Remux Recordings, isanduke mp4 yotumiza, zimatenga masekondi ochepa ndipo sizisintha maonekedwe.

Mnyamata wa pa Kafe
Mwamva nonse madala avomera kkkk. Za 280 MB ndiyankhe ine poti izi ndiye zanga. Mayi onani pa Output pomwepo, Video Bitrate yalembedwa chani? Ngati ndi 2500 ndipo mawu ndi 160, phatikizani ndi 2660 pa sekondi, kuchulukitsa ndi masekondi 840 a mphindi 14, kugawa ndi 8, mupeza 279,300 KB, yomwe ndi pafupifupi 280 MB yanu ija. Ikudya malo ofanana sekondi iliyonse ngakhale pa sikirini palibe chikuyenda. Sinthani Recording Quality ichoke pa Same as stream ipite pa High Quality, Medium File Size, kenako mukafuna kuifinya zenizeni idutsitseni mu HandBrake, ndi yaulere, RF muike 26, Framerate 15, mawu akhale Mono pa 64. Mukaona zilembo zayamba kuchita mbuu tsitsani RF ifike 23, nambala ikatsika ubwino umakwera fayilo n'kukula. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, mukatumiza ngati vidiyo wamba imaifinyanso yokha manambala aja n'kufufutika.

Madamu a Kompyuta
Apa ndiye mwalankhula achimwene, ndilibe chotsutsa.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Inalidi 2500. Ndapanga zonse, ya chiwongola dzanja yatuluka mphindi 4 ndi theka, 9 MB. Ka mmmm kachepa nditachotsa ekisitenshoni koma sikanatheretu, ndakasiya kaye. Amsungichuma aonera, ma 0 atuluka monga mwa nthawi zonse koma akuti anaseka okha n'kunena kuti ndaiwala misomali, akonza. Koma abwera ndi dandaulo lina, akuti pena ndikumati selo pena kabokosi pena kachipinda, anayamba kuganiza kuti ndi zinthu zitatu. Ndisankhe liti?

Madamu a Kompyuta
Lililonse koma limodzi kuyambira vidiyo yoyamba mpaka yomaliza. Ine kwa ana ndimati selo chifukwa mayeso amabwera m'Chingerezi ndipo pa menyu palembedwa Cells. Mabatani ndimawatchula mmene alembedwera pa sikirini, sindimasulira, munthu azisaka chimene akuchiona.

Wongowerenga
Ine ndikuti kabokosi. Azimayi a banki alibe mayeso, ndipo selo kwathu kuno ndi kumene amagona munthu akamangidwa, mukawauza kuti ikani dzina la Mayi A mu selo muyambitsa nkhani ina pagulu.

Madala a ku Wailesi
Kkkk zimenezo kanganani nokha. Mayi, mavidiyo atatu otsalawo mujambule sabata ino ngati nyumba yanu ndi ya malata opanda siling'i, mitambo ija yayamba kusonkhana masana.

Mlembi wa Banki Mkhonde
Ndi ya malatadi madala. Ya SUM ndijambula usiku uno magetsi akakhalapo. Madamu, poti AutoSum ndi Alt ndi ikwo pamodzi, ndiwaonetse ya pa kiyibodiyo kapena ndingowadinitsa batani la pamwamba lija aziliona ndi maso?